Zolakwika Ziwiri pa Funso la Mayeso

Funso la mayeso lomwe lajambulidwa ndi foni likunena za fakitale yomwe imati thumba lake la feteleza limalemera makilogalamu 50. Woyeza akaweruza kuti matumbawo ndi operewera pamene ali okwana, wachita cholakwika cha mtundu woyamba. Funsolo laika mwayi wake, α, pa 0.05.

Cha mtundu wachiwiri n'chobisika kwambiri: matumba ndi opereweradi, koma woyeza sakupeza umboni, ndiye alimi amagula mosadziwa. Mwayi wake ndi β. Ngati β ndi 0.20, mphamvu ya kuyezako, 1 − β, ndi 0.80, kutanthauza kuti matumba akaperewera pa mlingo umene funsolo latchula, kuyezako kumagwira vutolo ka 80 pa 100.

Kuchepetsa α kumakweza β, pokhapokha woyeza atawonjezera matumba oyezedwa.