Kalata ya akauntanti wosiya ntchito: tsiku ndiye mutu wa nkhani

Pa kampani yaing'ono akauntanti amakhala mmodzi yekha. Ndiye amakonza malipiro, ndiye amadziwa amene ali ndi ngongole, ndipo nthawi zambiri amasainira nawo kubanki. Akapeza ntchito kwina, kalata yake yotsanzika imafunika kuiganizira bwino kuposa ya wina aliyense pamalopo.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wolandira malipiro pamwezi azipereka notisi ya mwezi umodzi, yochita kulemba. Kuuza abwana pakhonde kuti "ndikusiya" si notisi ayi. Ndipo ngati mgwirizano umene munasainira polowa ntchito umanena miyezi itatu, ndi itatuyo imene muyenera kutsata.

Tiyerekeze akauntanti wolandira K900,000 pamwezi, amene wapereka kalata pa 31 Malichi. Mawu ofunika ndi ochepa: "Bwana, ndikukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya akauntanti. Potsata notisi ya mwezi umodzi, tsiku langa lomaliza likhala 30 Epulo." Tsikulo lilembedwe ndithu. Ambiri amangoti "ndichoka mwezi wamawa", kenako mkangano umabuka powerengera malipiro omaliza ndi masiku a tchuthi otsala. Abwana asainire pa kope lanu kuti alandira, ndi deti lake. Akauntanti uja akangochoka tsiku lomwelo osagwira notisi, kampani ili ndi ufulu womuitanitsa ndalama za mwezi wonsewo, K900,000 ija.

Koma chimene ine ndimayang'ana kwambiri m'kalata yotere ndi ndime yachiwiri, yonena za ntchito yosiyira ena. Misonkho siyendera tsiku limene munthu wachoka. PAYE yodulidwa pa malipiro a Epulo iyenera kufika ku MRA pofika 14 Meyi, ndipo VAT ya mwezi womwewo pofika 25 Meyi, mwini mabuku atapita kale. Zikachedwa, chindapusa chimagwera kampani, pomwe dzina loipa limatsata amene anachoka. Choncho alembe kuti asanachoke adzafananiza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki mpaka 30 Epulo, adzasiya ziwerengero za misonkho iwiriyo zitakonzedwa, ndipo adzaonetsa wolowa m'malo mmene amatumizira pa Msonkho Online. Apemphenso kuti dzina lake lichotsedwe pa osainira kubanki tsiku lomwelo. Izi zimamuteteza iye mwini, chifukwa ndalama ikadzasowa mu Juni, woyamba kukayikiridwa ndi amene dzina lake likadali kubanki.

Madandaulo asalowe m'kalatayi, ngakhale atakhala oona. Kalata imakhala mufayilo zaka zambiri, ndipo okulembani ntchito mtsogolo amaimbira foni komwe munachoka. Kuthokoza kwa mzere umodzi nkokwanira, kenako pempho lakuti akukonzereni malipiro omaliza ndi chikalata chotsimikiza nthawi imene mwagwira ntchito, chimene lamulo lomweli limati mupatsidwe mukachipempha.