Thumba la chimanga limachokera kuti? Phunziro la fotosinthesisi loyenda ndi mafunso

Mwana wa sekondale wokulira ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu safunika kuuzidwa maonekedwe a chimanga chokhala m'madzi. Derali ndi lotsika, madzi ali pafupi m'nthaka, ndipo mvula ikalimbikira chimanga cha kuseri kwa nyumba chimasanduka chachikasu ngakhale eni ake atathira feteleza. Koma mwana yemweyo akafunsidwa kumene mbewu imapeza chakudya, kawirikawiri amayankha mosakayika kuti imadya m'nthaka. Yankholi ndi lolakwika, ndipo limatha kumutsatira mpaka m'chipinda cha mayeso a Fomu 4 ngakhale ataloweza tanthauzo la fotosinthesisi bwinobwino.

N'chifukwa chake mphunzitsi wa Bayoloje amene amalemba mawu a phunziro lake asanalowe m'kalasi amachita bwino kulukiramo mafunso, osawasunga kumapeto. Funso la kumapeto limangoyesa ngati mwana wagwira mawu. Funso la pakati limatulutsa poyera zimene mwana amakhulupirira, kuti zikonzedwe zisanakwiririke pansi pa zolemba za m'kope. Phunziro lotere likhoza kuyamba motere:

"Ana inu, nonse mudanyamulapo thumba la chimanga popita kuchigayo. Likadzaza limalemera makilogalamu 50. Njere zimene zidabzalidwa kuti thumbalo lipezeke zikhoza kukwana m'manja awiri. Nanga kulemera konseko kudachokera kuti? Musathamangire kuyankha. Amene mukuti kudachokera m'nthaka kwezani manja. Chabwino. Tsono ndiuzeni: munda umene agogo anu akhala akukololamo chaka ndi chaka, bwanji sudasanduke dzenje?"

Apa mphunzitsi ayenera kukhala chete kwa kanthawi, ndipo ndi bwino kuti chete ameneyu alembedwe ndithu m'mawu a phunzirolo, chifukwa aphunzitsi ambiri amafunsa n'kudziyankha okha mpweya usanathe. Wina m'kalasi adzanena kuti ndi feteleza amene amabwezera zimene zachoka. Yankho limeneli si lopusa, ndipo lili ndi masamu ake. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wolemera makilogalamu 23. Koma thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wosakwana kilogalamu imodzi, pamene sitachi, amene ndiye thunthu la ufa wa nsima, amapitirira makilogalamu 30. Sitachiyu wapangidwa ndi kaboni, hayidirojeni ndi okosijeni, ndipo mbewu sitenga kaboni wake m'feteleza.

Funsoli lidasautsapo anthu ophunzira kalekale. Jan Baptist van Helmont, wa m'dera limene lero ndi dziko la Belgium, adabzala kamtengo ka wilo kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mumphika wa dothi louma lolemera pafupifupi makilogalamu 90. Kwa zaka zisanu adangothirira madzi okha. Atayezanso adapeza kuti mtengowo wafika pafupifupi makilogalamu 77, koma dothi lidangochepa ndi magalamu osakwana 60. Zotsatirazi zidasindikizidwa m'chaka cha 1648, mwini wake atamwalira kale. Nkhaniyi ndi yokoma m'kalasi chifukwa imathera pa funso lina:

"Van Helmont adatsimikiza kuti mtengo wonsewo udachokera m'madzi. Kodi adalondola? Taganizirani makala amene amagulitsidwa m'misewu ya muno mu Mzuzu. Makala ndi mtengo umene watenthedwa mpaka madzi onse atachoka. Chakuda chotsalacho ndi kaboni. Kodi madzi ali ndi kaboni? Ayi. Nanga ngati sadachokere m'dothi, sadachokerenso m'madzi, n'chiyani china chimene chinkakhudza mtengowo usana ndi usiku kwa zaka zisanu?"

Mwana akatchula yekha kuti ndi mpweya, phunziro lapsa. Ambiri amavutika kuvomereza, pakuti mpweya suoneka ndipo umakhala ngati ulibe kulemera. Kaboni dayokisaidi ndi wochepanso kwambiri mumlengalenga: pa magawo 10,000 a mpweya, iye ndi magawo anayi okha. Komabe ndi iyeyo amene amalowa m'tsamba kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, totchedwa masitomata. M'kati mwa tsamba muli kulorofilo, chinthu chimene chimalipatsa mtundu wobiriwira, ndipo ntchito yake ndi kugwira kuwala kwa dzuwa. Mphamvu ya kuwalako imaphwanya madzi ochokera kumizu. Hayidirojeni wa m'madzimo amagwiritsidwa ntchito posandutsa kaboni dayokisaidi kukhala shuga, pamene okosijeni amatuluka kunja. Pa bolodi zimalembedwa chonchi:

6CO₂ + 6H₂O → C₆H₁₂O₆ + 6O₂

Ana ambiri amaloweza mzerewu ngati nyimbo, osadziwa kuti ukunena za sikelo. Tanthauzo lake ndi lakuti magalamu 264 a kaboni dayokisaidi ndi magalamu 108 a madzi amabereka magalamu 180 a shuga wa gulukosi ndi magalamu 192 a okosijeni. Mbali zonse ziwiri zikwana 372. Palibe chimene chatayika, ndipo kuwala sikudaonjezere ngakhale galamu imodzi, chifukwa kuwala ndi mphamvu yogwirira ntchito, si chipangizo chomangira. Shugayo mbewu imamulumikiza kukhala sitachi wa m'njere ndi ulusi wa m'phesi.

Zonsezi zikadali mawu a mphunzitsi, ndipo mwana ali ndi ufulu wokayika. Umboni wake umapezeka ndi zinthu zotsika mtengo: mbewu ya nyemba kapena ya mbatata yobzalidwa m'chitini, pepala lakuda, sipiriti, madzi otentha ndi ayodini. Mbewuyo imaikidwa mumdima kwa maola 48, m'kabati kapena pansi pa katoni yosalowa kuwala. Kenaka gawo lina la tsamba limodzi limaphimbidwa ndi pepala lakuda pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mbewu imatulutsidwa padzuwa kwa maola anayi kapena kupitirira. Tsambalo likathyoledwa limaviikidwa m'madzi owira kwa mphindi imodzi kuti maselo afe ndipo mankhwala athe kulowa. Likatero limaikidwa m'sipiriti wotentha mpaka kubiriwira konse kutasungunuka, n'kutsukidwa m'madzi ofunda chifukwa sipiriti amaliumitsa gwa. Pomaliza limayalidwa pambale yoyera ndi kudonthezedwa ayodini. Mbali imene idaona dzuwa imada, kukhala yabuluu wopita kukuda, kusonyeza kuti muli sitachi. Mbali yophimbidwa imangotenga mtundu wa ayodiniyo, wofiirira.

Mphunzitsi amene amangolembetsa ndondomekoyi amataya gawo lokoma la phunziro, pakuti sitepe iliyonse ili ndi funso lake.

"Bwanji tayamba ndi kuika mbewu mumdima masiku awiri? Tikadapanda kutero, n'kupeza sitachi pansi pa pepala lakuda, mukadanena kuti wapangidwa liti? Eya, ndi wadzana. Mdima umachititsa mbewu kudya nkhokwe yake, kuti sitachi aliyense amene tipeze akhale wa lero. Funso lina: ndazimitsa moto ndisanatsekule botolo la sipiriti, ndipo kabotolo ka sipiriti ndakaimika m'madzi otentha. Ndani angandiuze chifukwa chake?"

Chifukwa chake n'chakuti nthunzi ya sipiriti imayaka msanga, ndipo moto wake suoneka bwino masana. Mwamwayi sipiriti amawira pa madigiri pafupifupi 78, choncho madzi amene angophulidwa kumene ndi okwanira kumuwiritsa popanda lawi pafupi.

Kuyesaku kumakanika nthawi zambiri, ndipo kukanikako kuli ndi zizindikiro zake. Tsamba lonse likada, pamodzi ndi mbali yophimbidwa, ndiye kuti mdima sudakwanire kapena pepala lidalowetsa kuwala m'mbali. Tsamba likakhalabe lobiriwira, sipiriti sadamalize ntchito yake, ndipo mtundu wa ayodini sungaoneke. Tsamba lonse likakana kuda, pali zifukwa ziwiri zoyamba kuziganizira. Mwina ndi mtundu wa mbewu: anyezi, mwachitsanzo, sasunga shuga wake m'masamba ngati sitachi, choncho ayodini sapeza kanthu ngakhale tsambalo lidagwira ntchito tsiku lonse. Mwinanso ndi nyengo. Mzuzu ndi mzinda wa chifunga ndi mawawa, ndipo tsamba limene lakhala maola ochepa pansi pa mitambo yakuda m'mawa wozizira wa mu Juni limapanga sitachi wochepa, moti mtundu umatuluka wotuwa. Mphunzitsi wochenjera sabisa tsamba lokanikalo. Amalikweza m'mwamba n'kufunsa kuti chidasowa n'chiyani, ndipo kalasi imafika yokha pa mfundo yakuti liwiro la fotosinthesisi limagwidwa ndi chinthu chimene chachepa kwambiri pa nthawiyo, kaya ndi kuwala, kutentha kapena kaboni dayokisaidi.

Ndi pamenepa pamene chimanga chachikasu cha ku Salisbury Lines chimabwereranso m'kalasi.

"Tavomerezana kuti chakudya chimapangidwa m'tsamba. Nanga mayi anu akagula feteleza ndi ndalama zovuta kupeza, amataya ndalama? Taonani tsamba ili la pansi pa phesi. Chikasu chayambira kunsonga n'kutsata mtsempha wapakati. Kodi chasowa m'tsambali n'chiyani? Kulorofilo. Ndipo kulorofilo amamangidwa ndi chiyani?"

Kulorofilo ali ndi nayitirojeni ndi maginiziyamu m'kati mwake, ndipo zonse ziwiri zimachokera m'nthaka. Mapuloteni amene amagwira kaboni dayokisaidi m'tsamba amafunanso nayitirojeni. Feteleza tsono ali ngati mafuwa ndi mphika: popanda izo nsima siphikika, koma palibe amadya mphika. Nayitirojeni akachepa, mbewu imamusamutsa kuchoka m'masamba akale kupita kwa atsopano, n'chifukwa chake chikasu chimayambira pansi.

Funso lovuta kwambiri limasungidwa kumapeto kwa ola: madzi ndi chimodzi mwa zipangizo za fotosinthesisi, nanga bwanji chimanga choima m'madzi chimafooka m'malo monenepa? Ana amene adaloweza kuti mbewu zimatulutsa okosijeni basi amasokonezeka apa. Zoona zake n'zakuti mbewu imapumanso usana ndi usiku, kuwotcha gawo la shuga wake kuti ipeze mphamvu, ndipo mizu imatenga okosijeni wopumira m'timipata ta m'dothi. Madzi akadzaza timipatato kwa masiku angapo, mizu imabanika n'kulephera kukoka michere. Nthawi yomweyo nayitirojeni wina amakokoloka ndi madzi, wina tizilombo ta m'dothi lonyowa timamusandutsa mpweya wouluka. Kuthira feteleza wina madzi asanaphwe n'kutaya thumba lachiwiri. Choyamba ndi ngalande yochotsa madzi ndi mizere yokwera, kuti mizu ipeze mpweya.

Mwana akafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mpunga bwanji umakula m'madzi?", yankho lili m'phesi la mpunga: muli timinjira ta mpweya timene timatsitsa okosijeni kuchokera kumasamba kufika kumizu. Chimanga chimatha kupanga timinjira totere pang'ono chabe, ndiponso mochedwa, madzi atachipweteka kale.