Satifiketi ya msonkho wodulidwa pa malipiro

Satifiketi ya msonkho wodulidwa pa malipiro ndi chikalata chimene munthu kapena kampani yolipira imapereka kwa amene wagwira ntchito kapena wagulitsa katundu, chosonyeza ndalama zimene zadulidwa pa malipiro ake kuti zipite ku Malawi Revenue Authority (MRA). Pa mapepala ndi pa kompyuta msonkhowu umalembedwa mwachidule kuti WHT. Ku Malawi umadulidwa motsatira gawo 102A la lamulo la misonkho, ndipo umatoleredwa ndi MRA, bungwe limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000.

Mmene msonkhowu umayendera

Kwa anthu ambiri a bizinesi, msonkho wodulidwa pa malipiro si msonkho wina wapadera. Ndi gawo la msonkho wa phindu limene boma limatengeratu chaka chisanathe. Wolipirayo amakhala ngati wotumidwa ndi MRA: amadula ndalamazo, amazitumiza pasanadutse pa 14 mwezi wotsatira, ndipo amapereka satifiketi kwa mwini ndalama. Wolipira amene wanyalanyaza kudula amalipira yekha ndalamazo pamodzi ndi chindapusa, n'chifukwa chake makampani ambiri salola kukambirana pa nkhaniyi.

Mlingo wake umadalira mtundu wa malipiro. Kwa zaka zingapo wakhala 3 peresenti pa katundu wogulitsidwa kwa amalonda ndi mabungwe, 10 peresenti pa zonyamula katundu, ndi 20 peresenti pa ntchito zina zambiri. Milingoyi imatha kusintha Nyumba ya Malamulo ikavomereza bajeti yatsopano.

Chitsanzo cha ku Chembe

Chembe ndi mudzi wa asodzi m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, pamalo amene alendo amawadziwa kuti Cape Maclear. Mudziwu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo m'mbali mwa gombe mwandanda maloji. Maloji olembetsedwa ku MRA amagula nsomba, ndiwo zamasamba ndi ntchito zamanja kwa anthu a m'mudzimo, choncho msonkhowu umakhudza anthu amene sanapondepo mu ofesi ya misonkho.

Tiyerekeze kuti makaniko wina wakonza injini ya boti la loji lonyamula alendo kupita ku chilumba cha Thumbi. Masipeya amugulira K300,000 ndipo ntchito yake ndi K200,000, zonse pamodzi K500,000. Ngati pa invoisi walemba mzere umodzi wokha wakuti "kukonza injini", wowerengera ndalama wa lojiyo angathe kudula 20 peresenti pa ndalama yonse. Zimenezo ndi K100,000, theka la malipiro a thukuta lake. Koma ngati walemba masipeya paokha ndi ntchito payokha, pa masipeya padzachoka 3 peresenti, yomwe ndi K9,000, ndipo pa ntchito 20 peresenti, yomwe ndi K40,000. Zodulidwa zonse zidzakhala K49,000 ndipo m'manja adzalandira K451,000.

K49,000 imeneyo sinatayike, koma umboni wake ndi satifiketi. Tinene kuti pakutha pa chaka msonkho wa makanikoyo pa phindu lake lonse wapezeka kuti ndi K120,000. Ndi satifiketi adzachotsera K49,000 n'kulipira K71,000. Popanda satifiketi, ndipo ngati ndalamayo sikuoneka pa dzina lake ku MRA, adzafunsidwa K120,000 yonse, kutanthauza kuti m'thumba mwake mwatuluka K169,000. Zodulidwa zikaposa msonkho wa pachaka, mwini wake angapemphe kuti zotsalazo zibwezedwe kapena zilowe pa msonkho wina, ngakhale kubweza kumatenga nthawi.

Kupempha satifiketi

Pempho labwino limayamba malipiro asanachitike. Wogwira ntchito amayenera kukhala ndi nambala yake ya msonkho, yotchedwa TIN (kale ankati TPIN), ndi kuilemba pa invoisi iliyonse. Kale masatifiketi ankalembedwa pamanja pa fomu ya WTF1. Masiku ano olipira amatumiza malipoti awo kudzera pa Msonkho Online, ndipo nambala ya TIN ndi imene imalumikiza ndalama yodulidwa ndi mwini wake. Wopanda TIN amadulidwabe, koma ndalama yake imasowa poikhazika.

Nthawi yoyenera kukumbutsa ndi masiku ochepa pa 14 patadutsa. Makaniko wolipidwa pa 20 Okutobala angafunse chapakati pa Novembala, chifukwa pofika nthawiyo loji iyenera kuti yatumiza kale ndalamazo. Ku Chembe kuchedwa kuli ndi vuto lake: m'miyezi ya dzinja alendo amachepa, eni maloji ena amachokapo, ndipo amene amasunga mabuku a ndalama nthawi zina amakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Munthu wodikira mpaka chaka cha boma chitatha pa 31 Malichi amapeza manijala wina amene sakudziwa n'komwe za injini ija.

Kupempha pakamwa pagombe sikusiya umboni. Ndi bwino kulemba kalata yaifupi kapena uthenga wa pafoni kwa manijala kapena akauntanti, wotchula nambala ya invoisi, tsiku la malipiro, ndalama yonse, ndalama yodulidwa ndi TIN. Ambiri amachita manyazi poopa kuti bwana aganiza kuti akumukayikira, ntchito ina n'kuwadutsa. Mantha amenewa ndi omveka m'mudzi umene makasitomala olipira bwino ndi owerengeka, koma satifiketi si chifundo cha wolipira. Ndi udindo umene umabwera pamodzi ndi kudulako, ndipo loji imene inatumizadi ndalamazo sitaya kanthu poipereka.

Zofunika kuyang'ana ikabwera

Satifiketi iyenera kusonyeza dzina ndi TIN ya wolipira, dzina ndi TIN ya wolipidwa, mtundu wa malipiro, ndalama yonse isanadulidwe, ndi msonkho wodulidwa. Cholakwika chofala ndi dzina: ntchito inagwiridwa pa dzina la bizinesi koma satifiketi yalembedwa pa dzina lina, mwina la m'bale amene ndalama zinadzera pa foni yake. China ndi kulemba K451,000 pamalo pa K500,000 ngati ndalama yonse. Zikatere satifiketi ibwezedwe kuti ikonzedwe mwezi womwewo. Risiti wamba ya loji yolembedwa kuti "tadula msonkho" si satifiketi, imangothandiza ngati umboni podandaula.

Wolipira akakana

Wolipira akamazengereza miyezi ingapo, akamakana kutchula TIN yake, kapena akamanena kuti mapepala ali kwa akauntanti amene sapezeka, pamakhala chikayiko chakuti ndalama zinadulidwa koma sizinatumizidwe. Apa wodulidwayo amatenga invoisi, umboni wa ndalama zimene analandira ku banki kapena pa foni, ndi kalata zake zokumbutsa, n'kupita nazo ku ofesi ya MRA. Kwa munthu wa ku Chembe ndi ulendo wokafika ku Mangochi boma, ndipo thiransipoti yokha ingathe kumeza K9,000 ya pa masipeya, motero ndi bwino kusonkhanitsa zodulidwa zingapo n'kuzitengera pamodzi.

Amalonda amene ali ndi mbiri yabwino yolemba malipoti ndi kulipira misonkho angapemphe ku MRA satifiketi ina yowachotsa pa msonkhowu kwa nthawi yoikika. Akaionetsa kwa wolipira, malipiro awo amaperekedwa osadulidwa mpaka tsiku limene satifiketiyo ikutha mphamvu.