Tsamba limodzi loteteza chizindikiro cha bungwe

M'mabungwe ongodzipereka, posita amapanga aliyense amene ali ndi laputopu tsiku limenelo. N'chifukwa chake chizindikiro cha bungwe limodzi chimaoneka mosiyana pa tisheti, pa kalata ndi pa chinsalu cha pamsonkhano. Mankhwala ake ndi tsamba limodzi la malangizo, ndipo malamulo a Rotary, bungwe lomwe lili ndi makalabu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, akuonetsa zoyenera kulembapo.

Chizindikiro chake ndi dzina la Rotary ndi gudumu pambali pake. Lamulo likuti mpata wochizungulira ulingane ndi kutalika kwa chilembo R cha m'dzinalo, ndipo mu mpatawo musalowe mawu, chithunzi kapena chizindikiro cha wothandiza ndi ndalama. Nzeru yake ili poti muyezo ukuchokera m'chizindikiro momwemo. Ngati pa posita R watalika masentimita 2, mumasiya masentimita 2 mbali zonse zinayi. Pa chinsalu pomwe R wafika masentimita 15, mpata nawo ndi 15. Tsamba likanangoti "siyani masentimita 2", pa chinsaluchi mawu akanapanikiza chizindikiro, pomwe pa kakhadi mpatawo sukanakwana n'komwe. Pokulitsa chizindikiro, kokani pa ngodya. Mukakoka m'mbali gudumu limasanduka dzira, ndipo aliyense amaona.

Pa mitundu, kulemba kuti "buluu" n'kungotaya inki, chifukwa buluu alipo wambirimbiri. Tsamba lipereke manambala. Buluu wa Rotary pa kompyuta ndi #17458F, golide ndi #F7A81B, ndipo wopanga posita amangowalemba m'kabokosi ka mitundu. Koma sikirini imapanga mtundu ndi kuwala, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK. Choncho manambala a osindikiza alembedwenso, mwachitsanzo a Pantone: 286 C wa buluu, 130 C wa golide. Ngakhale zili choncho, musanalipire matisheti onse, uzani osindikiza ayambe atulutsa imodzi muione panja masana, poti nsalu imamwa inki mosiyana ndi pepala.

Zilembo za Rotary ndi Frutiger, zomwe n'zogula. Podziwa kuti wongodzipereka sangatulutse ndalama ya zimenezo, bungweli limalola Open Sans kapena Arial m'malo mwake. Bungwe laling'ono lingoyambira pa zaulerezo. Kompyuta ikapanda zilembo zomwe mwasankha, imaikapo zina mwakachetechete, mizere n'kusuntha, mutu wa posita n'kudukira pakati. Ntchito yomalizidwa izipita kwa osindikiza ngati PDF.

Pansi pa tsambalo lembani komwe kuli fayilo yeniyeni ya chizindikiro ndi udindo wa amene amaisunga. Chizindikiro chotumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi chimafinyidwa, ndipo pa chinsalu chachikulu m'mphepete mwake mumaoneka timabokosi. Chitumizeni ngati Document.