Uthenga wa amene anali mtulo msonkhano uli mkati

Msonkhano wa pa Zoom ukayamba 9 koloko m'mawa ku Lilongwe mwezi wa Julayi, ku Toronto imakhala 3 koloko usiku. Mnzanu wakumeneko akadzuka n'kupeza vidiyo ya maola awiri, ayamikira mwaulemu, koma saionera yonse.

Chimene akufuna kudziwa n'chimodzi: mwagwirizana zotani, ndipo iyeyo achitepo chiyani? Choncho yambani ndi zimenezo, ngakhale zitakhala kuti zinakambidwa kumapeto. Tiyerekeze kuti munakambirana za lipoti. Musalembe kuti "takambirana za lipoti", pakuti pamenepo simunanene kanthu. Lembani kuti: "Lipoti lipita Lachisanu. Inu a ku Toronto muonenso gawo la ndalama pofika Lachinayi, 16:00 nthawi ya ku Malawi, 10:00 kwanu." Mawu oti "mawa" asiyeni, chifukwa uthengawo angauwerenge tsiku litasintha kale.

Pamene anthu anatsutsana osamvana, nenani poyera kuti nkhaniyo sinathe, ndipo tchulani mphindi ya m'vidiyo pamene mkanganowo ukuyambira, monga 47:10. Ambiri amabisa zimenezi pofuna kuti msonkhano uoneke ngati unayenda bwino. Koma amene sanalipo akaona ngati zonse zatha, satumizanso maganizo ake.