Wakuuza Ndani? Kusankha ndi Kutchula Magwero Polemba Mbiri ya Mpingo

Wophunzira wa zaubusa akapatsidwa ntchito yolemba mbiri ya mpingo, mwina ku Zomba kapena ku Nkhoma, nthawi zambiri amayamba ndi kusonkhanitsa mabuku onse amene akutchula dzina la mpingowo. Akamaliza amabwera ndi masamba makumi awiri odzaza ndi nkhani zokoma, koma mphunzitsi n'kulemba funso limodzi m'mphepete mwa tsamba: wakuuza ndani? Funso limeneli ndiye msana wa ntchito yonse. Mbiri siyesedwa ndi kukoma kwa nkhani, koma ndi kulimba kwa umboni wake, komanso ngati wowerenga angathe kulondola mapazi a wolemba mpaka kukafika pamene iye anaitenga nkhaniyo.

Akatswiri amagawa magwero a mbiri pawiri. Magwero oyambirira ndi zinthu zochokera m'nthawi imene ukuifufuzayo: makalata, mabuku a ubatizo, maminitsi a misonkhano ya akulu ampingo, nyuzipepala za nthawiyo, zithunzi, ndi mawu a munthu amene analipo. Magwero achiwiri ndi mabuku ndi nkhani zimene ofufuza analemba pambuyo pake, atasanthula zoyambirirazo. Zili ngati pabwalo la milandu la kwa amfumu: pali mboni imene inaona ndi maso, ndipo pali nduna imene yamva mboni zonse n'kuomba mkota. Onse ndi ofunika, koma ntchito zawo n'zosiyana, ndipo mboni yoona ndi maso nayonso ikhoza kukondera.

Tiyeni tione mmene zimenezi zimayendera potenga mpingo wa Providence Industrial Mission, umene ambiri amangouti PIM. Mbusa John Chilembwe anaukhazikitsa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, atabwerera kuchokera ku America. Tiyerekeze kuti wophunzira wathu akufuna kuyankha funso ili: kodi Chilembwe ankaphunzitsa chiyani mumpingo mwake zaka zochepa nkhondo yake ya pa 23 Januwale 1915 isanabuke? Funso liyenera kukhala lopapatiza chonchi, chifukwa funso ndilo limasankha magwero. Amene wangoti alemba za Chilembwe adzamira m'mabuku. Amene wafunsa za chiphunzitso cha Chilembwe akudziwa kale kuti akusowa mawu a mwini wakeyo ndi a anthu amene anamumva akulalikira.

Apa ndi pamene vuto loyamba limaonekera. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, tchalitchi chake chinagumulidwa ndi boma, ndipo ambiri mwa omutsatira ananyongedwa kapena kutsekeredwa. Mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dokotala Daniel Malekebu. Kuwonjezera apo, moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zimenezo. Choncho mawu a Chilembwe mwini amene anatsala ndi ochepa. Alipo makalata amene ankalembera mpingo wa Baptist wa anthu akuda ku America umene unkamuthandiza, komanso kalata yake ya mu Novembala 1914 yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, yodandaula kuti Afirika akuphedwa pankhondo imene si yawo. Amenewa ndi magwero oyambirira enieni, ndipo wophunzira ayenera kuyambira pomwepa. Komabe awerenge mosamala. Munthu wolembera anthu amene amamutumizira ndalama amafotokoza za masukulu, obatizidwa ndi zomangamanga. Sangalembe zonse za kumtima kwake. Makalatawo ndi umboni wolimba wa zimene Chilembwe ankafuna kuti anzake a ku America adziwe, koma si umboni wathunthu wa zimene ankalalikira Lamulungu ku Mbombwe.

Gwero lina lalikulu ndi komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa kuti ifufuze za chipolowecho, imene lipoti lake linatuluka mu 1916. Pamaso pa komitiyi panaonekera azungu a m'minda, amishoni monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, ndi Afirika monga Mbusa Harry Kambwiri Matecheta. Umboni wawo unasonkhanitsidwa ndi John McCracken m'buku la Voices from the Chilembwe Rising la mu 2015. Powerenga mboni iliyonse, wophunzira adzifunse mafunso anayi: akuyankhula ndani, akuyankhula liti, akuuza yani, ndipo akanatha kutaya chiyani akananena zina? Mwafirika amene ankayankha mafunso a azungu patangopita miyezi yochepa anthu atanyongedwa sakanayamikira Chilembwe poyera. Mmishoni wa Chipulotesitanti anali kuteteza masukulu ake, amene azungu ena ankati ndiwo asokoneza mitu ya anthu. Izi sizikutanthauza kuti ankanama. Zikutanthauza kuti pamene mboni yamantha yalimba mtima n'kudandaula za thangata kapena za kukakamizidwa kuvulira mzungu chipewa, mawu amenewo ndi olemera kwambiri, chifukwa inawanena ikudziwa kuti angaiike m'mavuto.

Tsopano tifike pa buku limene limapunthwitsa ophunzira ambiri. George Simeon Mwase analemba nkhani ya Chilembwe cha m'ma 1931 ndi 1932 ali m'ndende ku Zomba, ndipo Robert Rotberg anaisindikiza mu 1967 pamutu wakuti Strike a Blow and Die. M'bukuli muli mawu ogwira mtima amene akuti Chilembwe anayankhula kwa anthu ake, akudziyerekeza ndi John Brown wa ku America. Wophunzira akaona mawuwa amathamangira kulemba kuti “Chilembwe anati”. Koma Mwase sanali ku Mbombwe. Zambiri anazimva kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa omutsatira Chilembwe amene anali naye m'ndendemo, patadutsa zaka zoposa 15. Ndiye kodi bukuli ndi gwero loyambirira kapena lachiwiri? Yankho limadalira funso lako. Ngati ukufufuza mmene Amalawi ophunzira ankamukumbukirira Chilembwe m'zaka za m'ma 1930, Mwase ndi mboni yoona ndi maso. Ngati ukufufuza mawu enieni amene Chilembwe anayankhula mu Januwale 1915, Mwase ndi wongomva. Wolemba woona mtima adzati “malinga ndi Mwase, amene anamva kwa Kampingo”, ndipo wowerenga adzadziwa yekha kulemera kwa mawuwo.

Nanga magwero achiwiri tiwasankhe bwanji? Poyamba yang'ana ngati bukulo likuonetsa kumene latenga nkhani zake. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, lotuluka mu 1958, likadali maziko a nkhaniyi chifukwa mfundo zake zili ndi umboni woti munthu angautsatire. Chachiwiri, funafuna amene anatsutsana nalo kapena kuwonjezerapo. Mu 1971 Jane ndi Ian Linden, pogwiritsa ntchito zolemba za amishoni Achikatolika, anaonetsa kuti chiyembekezo cha kutha kwa dziko ndi kudza kwa Yerusalemu watsopano chinali ndi mphamvu pakati pa anthu a Chilembwe kuposa mmene ena ankaganizira. Koma zolemba za ansembewo nazonso zili ndi mbali yake, pakuti mishoni yawo ya ku Nguludi inaukiridwa pankhondoyo, ndipo ubale wawo ndi PIM sunali wabwino. Chachitatu, usasiye mabuku olembedwa ndi Amalawi, monga a D.D. Phiri ndi la Patrick Makondesa lonena za mbiri ya PIM, amene amayang'ana nkhaniyi ataima mbali ya kuno kwathu. Samalanso ndi chinthu chimodzi chonyenga: mabuku asanu akhoza kunena chinthu chofanana, koma ukawalondola n'kupeza kuti onse anachitenga kwa Mwase. Pamenepo ulibe mboni zisanu. Uli ndi imodzi.

Ukasankha magwero, ntchito yotsala ndi kuwatchula molondola. Ambiri olemba mbiri amatsata njira ya Chicago, imene ophunzira amaidziwanso ndi dzina la Turabian: umaika kanambala pamapeto pa chiganizo, ndipo m'munsi mwa tsambalo umalemba gwero. Ngati ndi buku, umalemba dzina la wolemba, mutu wa buku, mzinda, kampani yosindikiza, chaka ndi tsamba. Pa buku la Shepperson ndi Price ungalembe mayina awo, mutu wake, Edinburgh, Edinburgh University Press, 1958, kenaka nambala ya tsamba limene wawerengalo. Ngati ndi pepala la ku nkhokwe ya zolemba zakale ya boma ku Zomba, lemba amene analemba, amene ankamulembera, tsiku, ndi nambala ya fayilo monga yalembedwera pachikuto, chifukwa popanda nambalayo palibe amene angalipezenso. Ngati ndi maminitsi a mpingo, tchula bungwe limene linakumana, tsiku, ndi kumene bukulo likusungidwa. Ngati wacheza ndi gogo wa mumpingo, lemba dzina lake iye atavomera, udindo wake, malo ndi tsiku, ndipo unene ngati zimene wafotokozazo anaziona yekha kapena anauzidwa ndi makolo ake. Ngati wamasulira mawu kuchokera ku Chichewa kapena Chiyao, nena kuti wamasulira ndiwe.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kutchula gwero limene sunaligwire. Wophunzira amawerenga kalata ya Chilembwe ya 1914 m'buku la Shepperson ndi Price, koma m'munsi mwa tsamba n'kulemba Nyasaland Times yokha, ngati kuti anaiona nyuzipepalayo. Cholondola ndi kutchula kalatayo, kenaka n'kuwonjezera kuti waipeza m'buku lakuti patsamba lakuti. Mphunzitsi wodziwa ntchito amazigwira msanga zoterezi: palibe nambala ya fayilo, palibe tsamba, ndipo mawu ogwidwawo amayambira ndi kuthera pamalo omwewo pamene bukulo linadula. Cholakwa china ndi kutenga maganizo a wofufuza, kusintha mawu pang'ono, n'kusamutchula. Ganizo nalonso lili ndi mwini wake, ndipo kulitenga mwakachetechete ndi kuba. Mankhwala ake ndi osavuta: lemba gwero ndi tsamba nthawi yomweyo ukuwerenga, ndipo m'kope lako siyanitsa mawu ogwidwa ndi maganizo ako.

Mipingo yathu yambiri ikusunga mabuku a ubatizo ndi maminitsi m'makabati momwe chiswe ndi chinyezi zikuwadya, ndipo agogo amene anaona chiyambi cha mipingoyo akutha. Inu akulu ampingo, sungani bwino mabuku amenewo ndipo muwalole ofufuza kuwaona. Inu ophunzira, musalembe chiganizo chimene simungathe kuloza kumene chachokera.