Anthu atatu, ndalama zochepa: Flutter kapena Kotlin?

Tiyerekeze kuti achinyamata atatu ku Lilongwe apeza ganyu. Kampani ina yogulitsa feteleza ndi mbewu ikufuna pulogalamu ya pafoni yoti ogulitsa ake a m'maboma azilemberamo katundu, azisindikiza malisiti pa kapulinta ka m'manja ka Bluetooth, kenako netiweki ikapezeka azitumiza zonse ku likulu. Ndalama zomwe zilipo zikwana malipiro a miyezi inayi basi. Bwana wa kampaniyo, yemwe ali ndi iPhone, wanenetsa kuti pulogalamuyo igwire pa foni iliyonse.

Apa m'pamene mkangano umayambira, khodi isanalembedwe ngakhale mzere umodzi.

Njira yoyamba ndi kulembera foni iliyonse m'chiyankhulo chakechake. Ya Android ilembedwe mu Kotlin, chomwe Google inachivomereza mu 2017, ya iPhone ilembedwe mu Swift, chomwe Apple inatulutsa mu 2014. Pulogalamu yotere imalankhula ndi kamera, GPS ndi Bluetooth popanda mkhalapakati. Vuto lake n'loti ntchito imakhala iwiri: batani lililonse limalembedwa kawiri, cholakwika chilichonse chimasakidwa kawiri, ndipo pagulu la anthu atatu wodziwa Swift akadwala, mbali ya iPhone imaima.

Njira yachiwiri ndi kulemba kamodzi. Flutter, yomwe Google inaitulutsa yokhwima mu Disembala 2018, imagwiritsa ntchito chiyankhulo cha Dart, ndipo sibwereka mabatani a Android kapena a iPhone. Imadzijambulira yokha chilichonse choonekera pa sikirini, n'chifukwa chake maonekedwe amafanana pa mafoni onse. Palinso React Native ya Facebook, ya 2015, yomwe imakomera amene anazolowera JavaScript. Kuti njirayi imapulumutsa ntchito si nkhambakamwa: Google italembanso Google Pay mu Flutter, inanena kuti mizere ya khodi inatsika kuchoka pa 1.7 miliyoni kufika pa 1.1 miliyoni. Banki ya Nubank ya ku Brazil nayo inasankha Flutter mu 2019.

Koma kampani ya Airbnb inadutsa msewu wina. Inayamba kugwiritsa ntchito React Native mu 2016, n'kulengeza mu 2018 kuti yaisiya. Inali kale ndi mapulogalamu akuluakulu a Android ndi a iPhone, ndiye m'malo mosamala chinthu chimodzi inapezeka ikusamala zitatu, kuphatikizapo mlatho wolumikiza khodi yatsopano ndi yakale. Gulu laling'ono likhoza kugwa m'mbuna yomweyo ngati pulogalamu yake imadalira kwambiri zida za m'kati mwa foni.

Tibwerere kwa anzathu atatu aja. Chanzeru n'kutenga pepala n'kugawa ntchitoyo pawiri. Mbali ina pakhale zonse zongooneka ndi kuwerengera: fomu yolowera, mndandanda wa katundu, mitengo, ngongole za alimi, malipoti a tsiku. Tinene kuti pali masikirini 20 otere. Apa Flutter ilibe mnzake, makamaka chifukwa wolemba akasintha mtundu wa batani amaona kusinthako pa foni nthawi yomweyo, osadikira kuti pulogalamu yonse imangidwenso. Mbali inayo pakhale zokhudza foni yeniyeniyo, ndipo pa ganyu uyu zilipo ziwiri: kapulinta kaja, ndi kutumiza uthenga ku likulu pulogalamu itatsekedwa.

Ziwirizi n'zomwe zimadya miyezi.

Flutter payokha siidziwa pulinta. Imadalira tizidutswa totchedwa mapulagini, tomwe anthu ena analemba mu Kotlin ndi Swift n'kuika pa pub.dev, ndipo ambiri mwa olembawo ndi ongodzipereka. Wina akatopa n'kusiya pulagini yake, palibe woti n'kumuimba mlandu. Android 12 itabwera mu 2021, inasintha zilolezo zomwe pulogalamu imapempha isanagwiritse ntchito Bluetooth, ndipo pulagini yomwe sinakonzedwe kuti itsate kusinthako imatha kulephera kupeza pulinta pa foni zatsopano pamene pa zakale ikugwira bwinobwino. Choncho asanaidalire, ayang'ane tsiku lomwe inakonzedwa komaliza, aone ngati madandaulo a ogwiritsa ntchito akuyankhidwa, ndipo adzifunse ngati pakati pawo pali woti n'kutsegula khodi ya Kotlin ya m'katimo zinthu zikavuta. Ngati palibe, Flutter siinawapulumutse, yangowabisira ngongole.

Nkhani ya iPhone ya bwana ija ndiye yowawa kwambiri. Mapulinta ambiri otchipa amagwiritsa ntchito Bluetooth yakale, yomwe iPhone siilola pokhapokha chipangizocho chitavomerezedwa ndi Apple. Pamenepa ngakhale atalemba mu Swift sizingathandize, chofunika ndi pulinta ina. Komanso ngakhale khodi ikhale imodzi, kumanga pulogalamu ya iPhone kumafuna Xcode, yomwe imagwira pa kompyuta ya Mac yokha, yogula kapena yobwereka pa intaneti. Apple imalipiritsa madola 99 chaka chilichonse, pamene Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha. Amene anayesapo kupempha ndalama zakunja ku banki za kuno akudziwa kuti madola 99 si nkhani ya mtengo wokha.

Ndiye funso loti afunse bwanayo n'losavuta: mwa ogulitsa anu a ku Mchinji, Kasungu ndi Dedza, ndi angati ali ndi iPhone? Yankho likakhala loti palibe, theka la chifukwa chosankhira Flutter latha. Bwana akhoza kumaona malipoti ake pa tsamba la intaneti.

Sabata yoyamba isathere pa kukongoletsa. Agule foni yotchipitsitsa yomwe ogulitsawo amagwiritsadi ntchito, kaya ndi itel kapena Tecno ya memori yochepa, alembe kapulogalamu ka batani limodzi kosindikiza lisiti, n'kukasiya usiku wonse kuti aone ngati katumiza uthenga sikirini ili yozima. Mafoni ambiri otchipa amazimitsa mapulogalamu otere pofuna kusunga batire, ndipo bwino adziwe zimenezi pa tsiku lachitatu kusiyana ndi mwezi wachitatu. Poyesa liwiro asagwiritse ntchito mtundu woyeserera, chifukwa umachedwa mwachibadwa ndipo umanamizira Flutter ulesi. Lamulo lake ndi ili:

```
flutter run --release
```

Kukula kwa pulogalamu nako kuli ndi mtengo kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi. Popeza Flutter imanyamula injini yake yojambulira, imalemererapo kuposa inzake ya Kotlin yochita zofanana. Google Play imapatsa foni iliyonse gawo loiyenera, koma ngati fayilo izigawidwa pa WhatsApp, aidule motere kuti pasakhale chimtolo chimodzi cha mafoni a mitundu yonse:

```
flutter build apk --split-per-abi
```

Mayeso a sabata yoyamba akayenda bwino, ndipo kampaniyo ikutsimikiza kuti chaka chamawa idzafuna pulogalamu ya makasitomala a m'tauni okhala ndi iPhone, atatuwa atenge Flutter, mmodzi wa iwo aphunzireko Kotlin pang'ono. Koma ngati ogwiritsa ntchito onse ali pa Android, pulinta ndiye mtima wa ntchitoyo, ndipo awiri mwa atatuwo amadziwa kale Kotlin, alembe mu Kotlin n'kuuza bwana poyera kuti ya iPhone ikhala ganyu wina wa mtengo wakewake.